Ndiwo zingati pa tsiku? Kusankha zophika pa malo odyera a m'mbali mwa msewu ku Luwinga

NyaMhango

Moni nonse a pa gulu lino. Ndikupempha nzeru kwa amene akudziwa bwino ntchito yophikira anthu chakudya chamasana. Ndili ndi kamalo kodyera m'mbali mwa msewu ku Luwinga, mu mzinda wa Mzuzu, ndipo amene amadya kwa ine ndi amakaniko, owotcherera zitsulo, akalipentala, akabaza ndi anyamata onyamula katundu. Tsiku likayenda bwino ndimagulitsa mbale pafupifupi 40, koma pakati pa mwezi zimatsika mpaka 25. Ndili ndi mbaula ziwiri ndi mtsikana mmodzi wondithandiza. Tsiku lililonse ndimaphika nsima ndi mpunga, ndipo ndiwo zake zimakhala nyemba, masamba, usipa, mazira, nkhuku ndi nyama ya ng'ombe, chifukwa ndimaopa kuti munthu akafunsa ndiwo imene palibe apita kwa anzanga oyandikana nawo. Mbale ya nyemba ndi masamba ndimagulitsa K2,000, ya usipa kapena dzira K2,500, ya nkhuku kapena ng'ombe K3,500. Anthu akudya ndithu, koma madzulo ndikawerenga ndalama ndimapeza kuti yongokwanira kukapikulanso za mawa, ndipo nthawi zambiri m'miphika mumatsala nyama ndi mpunga. Funso langa ndi lakuti, kodi pa malo ang'ono ngati anga ndiyenera kuphika ndiwo zingati pa tsiku, ndipo ndizisankha bwanji?

Bambo Gondwe

Ine ndiyankha ngati wodya, pakuti ndimagwira ntchito yowotcherera ndipo masana aliwonse ndimadya m'malo ngati amenewa. Mayi, musachepetse ndiwo. Munthu amene wakhala akumenya chitsulo kuyambira m'mawa amafuna kuti akafika aone miphika yambiri, asankhe chimene mtima wake ukufuna. Tikapeza nyemba zokhazokha timadziwa kuti malowo akugwa, ndipo timauzana. Vuto lanu ine ndikuliona pa mtengo: kwezani pang'ono mbale ya nyama, amene ali ndi ndalama adzagula.

Mayi Chirwa

Bambo Gondwe anena zoona pa mfundo imodzi, yakuti malo a nyemba zokhazokha anthu amawathawa. Koma pa zophika ndiwo zisanu ndi imodzi tsiku lililonse ndi mbaula ziwiri, ine sindikuvomereza, ndipo ndikufuna ndifotokoze ndi mitengo yomwe NyaMhango atipatsa. Ndaphikira anthu a pafupi ndi depoti kwa zaka zambiri, ndipo chimene chimadya mpamba pa bizinesi imeneyi si chakudya chimene mwagulitsa motchipa ayi, koma chimene mwaphika n'kutsala.

Tiyeni titenge nkhuku. Tiyerekeze kuti nkhuku yoyera mwagula K12,000 ndipo mwaidula nthuli 10, pakuti mukapitirira pamenepo nthulizo zimachepa ndipo odya amayamba kudandaula. Muikepo mafuta, tomato, anyezi ndi makala ophikira nkhuku yokhayo, tinene K2,000. Nkhukuyo yakudyerani K14,000, kutanthauza kuti nthuli iliyonse ndi K1,400. Tsopano onani kusiyana kwa mbale yanu ya nyemba ndi mbale ya nkhuku: ndi K1,500. Ndiye kuti mukagulitsa nthuli zonse 10, nkhuku yonseyo yakubweretserani K1,000 yokha pamwamba pa imene mukanapeza anthuwo akanadya nyemba. Nthuli imodzi yokha ikatsala, mwatolera K13,500 pa chinthu chimene chakudyerani K14,000, ndipo mwalowa kale pansi. Ziwiri zikatsala, phindu la mbale zingapo za nyemba lapita kukalipira nkhuku. Nanga pamene tsiku lomwelo mwaphikanso ng'ombe, imene ikulimbirana odya omwewo ndi nkhukuyo? Anthu okhoza kulipira K3,500 pa malo anu mwina ndi khumi okha, ndipo inu mwawagawa pa miphika iwiri, choncho yonse iwiri itsala.

Dzira ndi losiyana kwambiri. Thireyi imakhala ndi mazira 30, ndipo dzira limene simunaliswe lero lidzagulitsidwa mawa kapena mkuja popanda kutaya kanthu. Mukhoza kuwiritsa ochepa m'mawa, ena n'kumakazinga munthu akaitanitsa. Usipa wouma ndi nyama ya soya nazonso zimadikira m'thumba mpaka mutazifuna. Choncho posankha ndiwo musamangofunsa kuti anthu amakonda chiyani, muzifunsanso kuti ikatsala chichitike n'chiyani.

Langizo langa ndi ili. Mukhale ndi zinthu zitatu zosasintha tsiku lililonse, zomwe ndi nsima, nyemba ndi masamba. Pamwamba pake muike ndiwo imodzi yokha ya tsikulo, imene izisintha, ndipo mazira akhale pambali kuti wokana ndiwo ya tsikulo asachoke ndi njala. Wodya akafika adzapeza zosankha zitatu, nyemba, dzira kapena ndiwo ya tsikulo, koma inu mwayatsira moto miphika yochepa.

Achimwene Phiri

Pepani kulowerera. Ine ndikuona kuti nsima ili ndi ntchito yambiri ndipo phindu lake ndi lochepa. Bwanji osagula chiwaya n'kuyamba tchipisi? Anyamata ambiri masiku ano akukonda tchipisi ndi dzira, ndipo mbatata imafika yambiri mumsika kuchokera ku Jenda. Mnzanga wina akuchita zimenezi ndipo sakudandaula.

Mayi Chirwa

Achimwene, funso la mayiwa silinali losintha bizinesi, koma losankha zophika pa bizinesi imene ali nayo kale. Komanso tchipisi chimamwa mafuta ambiri, ndipo mafuta ophikira ndi chimodzi mwa zinthu zimene zinakwera kwambiri kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wonyamula matumba a simenti akadya tchipisi, pofika 3 koloko amakhala wamvanso njala, ndipo amadziwa zimenezi. Tchipisi chili ndi anthu ake, makamaka ophunzira ndi odutsa madzulo, koma si amene NyaMhango awatchula.

NyaMhango

Zikomo Mayi Chirwa, masamu a nkhukuwo ndawabwereza pa pepala ndipo akugwirizana ndi zimene ndimaona. Koma ndili ndi nkhawa ziwiri. Yoyamba ndi imene anena Bambo Gondwe: alipo makasitomala anga amene amabwera chifukwa cha nyama, ndipo akabwera amabwera ndi anzawo awiri kapena atatu amene amadya nyemba. Ndikachotsa nyama masiku ena, kodi sinditaya gulu lonselo? Yachiwiri ndi nyemba za tsiku lililonse. Zimatha makala kwambiri, ndipo ena amati zimawatupitsa m'mimba.

Bambo Gondwe

Nkhawa yoyambayo ndi yeniyeni. Ife timapita kukadya ngati gulu, ndipo kawirikawiri amene amasankha malo ndi mwini galaja kapena kapitawo, amenenso ndi wodya nyama. Iye akati lero tipite kwina, tonse timatsatira. Masamu a Mayi Chirwa awerenga nthuli ya nkhuku payokha, koma sanawerenge mbale zitatu za nyemba zimene nthuliyo yakoka.

Mayi Chirwa

Mfundo imeneyo ndailandira, Bambo Gondwe, ndipo ndi chifukwa chake sindinanene kuti nyama ichoke. Ndikunena kuti isakhale mitundu iwiri tsiku limodzi, ndipo ikhale ndi masiku ake odziwika. Kapitawo akadziwa kuti Lachitatu kwa NyaMhango kumakhala nkhuku ndipo Lachisanu kumakhala ng'ombe, masiku amenewo adzabwera ndi gulu lake, ndipo m'phika wonse udzatha chifukwa odya nyama onse akumana pa tsiku limodzi. Lolemba mwina adzapita kwina, zimenezo n'zotheka, ndipo sindingalonjeze kuti sizichitika. Koma ngati akapitawo otere alipo awiri kapena atatu amene mumawadziwa bwino, pali njira ina: agwirizane nanu m'mawa kuti muwasungire nyama, inu mugule theka la kilogalamu loti lili kale ndi mwini wake. Nyama yoitanitsidwa siitsala.

Za nyemba, makala amatha chifukwa ambiri amaziika pa moto zili zouma gwa. Zisankheni madzulo, muzitsuke, muziviike m'madzi usiku wonse, m'mawa mutaye madziwo n'kuthira ena. Nyemba zoviika zimapsa msanga kwambiri kuposa zosaviika, ndipo kutaya madzi oviikirawo kumachepetsako kutupitsa kumene anthu akudandaula. Tomato muziika zitafewa kale, chifukwa mukafulumira kumuika khungu la nyemba limachedwa kufewa. Pogula muzifunsanso ngati ndi zatsopano, pakuti nyemba zimene zakhalitsa m'thumba zimauma mtima, ndipo ngakhale mutazipeza motchipa, zotsalazo mudzalipira kwa wogulitsa makala. Pa mbale 40 makilogalamu atatu amakwana, malinga ngati mukugawa ndi supuni imodzi yomweyo, osati kuyeza ndi maso. Mtsikana wokuthandizaniyo mumuonetse kuti nyemba ndi supuni imodzi yodzaza, masamba supuni imodzi, ndipo nsima ndi mitanda ingati. Pamene aliyense akugawa monga mwa chifundo chake, m'phika wa anthu 40 umathera pa anthu 30 ndipo simudziwa kumene chakudya chapita.

Chinthu chimodzi ndikuchenjezeni. Ena amaphika nyemba madzulo kuti m'mawa angokazinga. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, pamene Mzuzu wazizira, ambiri zimawayendera, koma mu Okutobala ndi Novembala nyemba zogona zimasasa. Mudzaziona ndi thovu pamwamba, kafungo kowawasa ndi msuzi woterera ngati therere. Zikatero ndi zotaya, kuziwiritsanso sikuzikonza. Tonse tikukumbukira kolera ya mu 2022 ndi 2023, ndipo munthu mmodzi yekha akatsegula m'mimba atadya kwa inu, galaja yonse imva tsiku lomwelo. Ndi bwino kuviika usiku n'kuphika m'mawa.

NyaBanda

Ine ndimapikula nsomba ku Nkhata Bay kudzagulitsa kuno, ndiye ndilankhulepo za usipa, chifukwa ndikuona kuti mukuuwerenga ngati ndiwo yotchipa nthawi zonse, pamene si choncho. Usipa amaupha usiku ndi nyali, nsombazo zimatsatira kuwala. Mwezi ukakhala wowala kumwamba nyali sizikoka bwino, asodzi amabwerako ndi wochepa, ndipo mtengo umakwera. Mwezi ukakhala mu mdima usipa umachuluka. Komanso nyengo ya mwera, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nyanja imawinduka ndipo pamapita masiku asodzi osalowa m'madzi. Choncho amene walemba kuti Lolemba lililonse ndi la usipa ayenera kugula wouma wambiri pa nthawi imene watsika, mwina chigoba chimodzi kapena ziwiri, n'kuusunga pouma, osati kumagula timilu tsiku ndi tsiku. Kuno ku Mzuzu chinyezi ndi chambiri, ndiye musausunge m'pepala lapulasitiki lomanga, umachita nkhungu. Muuike m'dengu kapena m'katoni, ndipo dzuwa likatuluka muuyanikeko.

Pogula muulawe. Wina umakhala wowawa, wina umakhala ndi mchenga chifukwa unayanikidwa pansi m'malo mwa pathandala. Wamchenga ngakhale muutsuke bwanji umalumitsa mano, ndipo wodya sabweranso. Wofutsa umafewa msanga ndipo ambiri amaukonda, pamene wongoyanika padzuwa umafuna kuudula mitu ndi kuuviika m'madzi otentha kuti kuwawa kuchoke.

Ndiye pali nkhani imene palibe waitchula. Bwanji kondowole? Atonga tilipo ambiri mu mzinda muno, ndipo munthu wa kunyanja akamva kuti pena pake pali kondowole ndi usipa kapena batala, amayenda mtunda kuti akadye. Malo ambiri a m'mbali mwa msewu saphika, ndiye amene angayambe akhoza kukoka anthu ake ake.

Bambo Mwafulirwa

Nanenso ndiikepo mawu pa mpunga, pakuti ndamva ngati ukufuna kuchotsedwa. Ife a ku Karonga mpunga ndi chakudya chenicheni, osati cha pa Khirisimasi pokha. Mukaphika Kilombero fungo lake lokha limaitana anthu a pa msewu. Mpunga ndi nyemba ndi mbale yokhutitsa, ndipo alipo ambiri, makamaka amayi ogwira ntchito m'mashopu ndi m'maofesi, amene masana safuna nsima chifukwa imawagonetsa tulo. Ine ndikanakonda mpunga ukhalepo tsiku lililonse.

Mayi Chirwa

NyaBanda, zimene mwanena za mwezi ndi mwera ndi zothandiza kwambiri, ndipo ndi chifukwa chake ndandanda wa ndiwo suyenera kulembedwa ngati lamulo. Tsiku la usipa likhale tsiku la ndiwo ya mtengo wapakati, kuti usipa ukakwera mulowetsepo soya popanda kusintha mtengo wa mbale.

Pa kondowole ndi mpunga, vuto ndi mbaula. Tiyeni tione m'mawa wa NyaMhango mmene ungayendere. Mbaula yoyamba ilandira nyemba cha m'ma 6 koloko, ndipo zikapsa pabwera ndiwo ya tsikulo. Mbaula yachiwiri iphika masamba mochedwerapo, cha m'ma 10 koloko, chifukwa masamba ophikidwa m'mamawa amada ndi kulefuka asanafike masana. Akachoka masamba pabwera madzi a nsima, kuti pofika 12 koloko nsima ikhale yaomoledwa. Anthu a ntchito amabwera onse pamodzi pakati pa 12 koloko ndi hafu pasiti wanu, ndipo alibe nthawi yodikira. Pa nthawi imeneyo mbaula imodzi iyenera kukhala yotenthetsa ndiwo, ina ikhale ndi madzi owira oti muphikire nsima yachiwiri ngati anthu achuluka. Nsima musaphike yonse kamodzi. Pa anthu a ntchito zolemetsa kilogalamu imodzi ya ufa imadyetsa anthu anayi kapena asanu, ndiye mbale 40 zimafuna makilogalamu 8 mpaka 10. Muphike 6 poyamba, otsalawo mudikire muone mmene anthu akubwerera. Ufa umene simunauthire m'madzi ndi ndalama imene idakali m'manja mwanu.

Tsono mu dongosolo limeneli kondowole alowa pati? Kondowole amafuna m'phika wake, mkono wamphamvu pomuvundula, ndipo amakoma akadali wotentha. Akazizira sagulika. Ine ndikanati ayesedwe tsiku limodzi pa sabata, tsiku la usipa, pang'ono pokha, ndipo anthu auzidwiretu. Mpunga nawo ndi wokwera mtengo kuposa ufa, ndipo ukagulitsidwa pa mtengo umodzi ndi nsima phindu la mbaleyo limachepa. Mpunga wotsala ndi woopsanso kuusunga malo ofunda mpaka mawa, umadwalitsa ngakhale ukuoneka bwino. NyaMhango anena okha kuti mpunga umatsala, ndiye kuti odya mpunga pa malo awo ndi ochepa kuposa mmene amaphikira.

Bambo Mwafulirwa

Ngati umatsala, yankho ndi kuchepetsa muyeso, osati kuuchotsa. Kilogalamu imodzi imatulutsa mbale zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Aphike kilogalamu imodzi yokha m'mawa nyemba zikangochoka pa moto, auike m'chotengera chosunga kutentha, ndipo ukatha watha. Aikenso mtengo wake wapadera wokwererapo kuposa nsima. Wokonda mpunga sakana kuwonjezera pang'ono.

NyaBanda

Ndipo kondowole wa tsiku limodzi pa sabata sangakoke anthu, Mayi Chirwa, chifukwa munthu sangamasunge m'mutu kuti ndi tsiku liti. Koma ndikumvetsa za mbaula. Mwina zidikire mpaka atapeza yachitatu.

NyaMhango

Ndikuthokoza nonse. Ndayesa kulemba ndandanda potsatira zimene mwanena, ndipo ndikupempha muuone. Tsiku lililonse pakhala nsima, nyemba, masamba ndi mazira. Lolemba ndiwo ya tsiku ikhala usipa, Lachiwiri soya, Lachitatu nkhuku, Lachinayi usipa kachiwiri, Lachisanu ng'ombe, ndipo Loweruka, popeza ambiri amaweruka masana, ndiphika theka la muyeso popanda ndiwo yapadera. Mpunga ndiphika kilogalamu imodzi Lachitatu ndi Lachisanu, masiku a nyama. Kodi pali chimene ndalakwitsa? Ndinaganizanso zoika nkhumba tsiku lina chifukwa anyamata ena amaifunsa.

Mayi Chirwa

Ndandandawo uli bwino ngati poyambira. Za nkhumba ndikukulangizani kuti muisiye. Pakati pa odya anu pali Asilamu ndi a Seventh Day, ndipo iwowa akangodziwa kuti miphika ndi masupuni anu zimakhudza nkhumba, sasiya nkhumba yokhayo, amasiya malo onse, ngakhale tsiku la nyemba. A Seventh Day sadyanso mlamba, ndiye mukafuna kusintha nsomba muzikumbukira zimenezo. Wofuna nkhumba amadziwa kumene amaotcha.

Chimene chikusowa pa ndandanda wanu ndi tsiku la mwezi. Sabata imene anthu alandira malipiro si yofanana ndi sabata ya pakati pa mwezi, ndipo inu mwanena kale kuti mbale zimatsika kuchoka pa 40 kufika pa 25. Kumapeto ndi kumayambiriro kwa mwezi mukhoza kuphika nkhuku ziwiri Lachitatu ndipo zidzatha. Kuyambira cha pa 10 mpaka cha pa 24, nyama ikhale tsiku limodzi lokha pa sabata, ndipo tsiku linalo mulowetse soya kapena mazira a msuzi. Masiku amenewo ndi amenenso amisiri omanga amasonkherana n'kumadziphikira mmemo pa ntchito pawo, ndiye musadabwe akasowa. Muyeso wa ufa ndi nyemba utsikenso, osaphika za anthu 40 pamene mukudziwa kuti abwera 25. Koma akabaza ndi aganyu amalandira tsiku ndi tsiku, ndiye ngati ambiri mwa anthu anu ndi amenewo, kutsikako sikukhala kwakukulu. Inu nokha ndi amene mungadziwe zimenezi, ndipo njira yake ndi kope.

Mugule kope laling'ono. Madzulo aliwonse mulembe zinthu zitatu zokha: mbale zingati za mtundu uliwonse zagulidwa, chatsala n'chiyani, ndipo chinatha msanga n'chiyani anthu akuchifunabe. Pakatha mwezi wathunthu, kuchokera malipiro ena kufika ena, kopelo lidzakuuzani zoona kuposa ife tonse pa gulu lino. Ndiwo imene yatsala kawiri kotsatizana muichepetse. Imene ikutha isanakwane 1 koloko muiwonjezere pang'ono, koma osati kwambiri, pakuti ndiwo yapadera kutha anthu awiri akuifunabe si tsoka, iwowo adya dzira ndipo mawa abwera msanga.

Bambo Gondwe

Pa soya ndiye ndikuchenjezeni, Mayi. Ambiri timadya soya kunyumba madzulo chifukwa ndi imene timakwanitsa, ndiye kuipezanso masana pa mtengo wa K2,500 sizisangalatsa. Ngati muiphika, muikazinge kaye iume bwino musanathire tomato, isakhale yonyowa ngati ya kusukulu yogonera komweko. Ndipo msuzi ukhale wokwanira. Ife nsima timadya yambiri, ndiwo ikauma timatsala ndi mtanda m'manja. Kunena zoona, malo ambiri ndinawasiya chifukwa cha msuzi wamadzi ndi nsima yozizira, osati chifukwa chosowa nyama.

Mayi Chirwa

Apa ndiye mwanena mawu amene wophika aliyense ayenera kuwamva, ndipo akugwirizana ndi zochepetsa miphika. Tomato ndi mafuta amene akanagawidwa pa ndiwo zisanu ndi imodzi akapita pa zitatu, msuzi umakhala wogwira. Soya ngati anthu akuiona choncho, igulitsidwe pa mtengo wapakati pa nyemba ndi usipa, kope lidzanena ngati ikuyenera kukhalapo.

Nditchulenso za masamba, chifukwa ndi pamene wodya amaonera kusintha ngakhale nyemba zili zomwezo. Musamalimbane ndi nyengo. Nthawi ya mvula nkhwani ndi bonongwe zimachuluka ndipo zimatchipa, pamene tomato amakwera chifukwa amaonongeka m'munda. Nthawi imeneyo muzitendera masamba ndi nsinjiro, zimene sizifuna mafuta ndipo tomato wake ndi wochepa, kungoti zotendera sizichedwa kusasa, ndiye ziphikidwe mochedwa ndi kutha tsiku lomwelo. Nthawi yozizira mpiru, repu, tchayinizi ndi kabichi za m'madimba zimadzaza msika. Kabichi ndi amene amapirira, mutu umodzi umadikira masiku angapo osaonongeka, ndiye mukhale naye wosungira tsiku limene mwachedwa kupita kumsika. Mukasintha masamba tsiku ndi tsiku, lero mpiru, mawa chigwada, mkuja kabichi, munthu saona ngati akudya chimodzimodzi.

Achimwene Phiri

Ndamva tsopano kuti funso linali lotani. Ndingofunsa chimodzi: nanga ufa? Malo ena amaphika mgaiwa, ena woyera. Kodi pamenepa palibe ndalama imene ingapulumuke?

Mayi Chirwa

Ilipo, achimwene, ndipo funso limeneli ndi labwino. Chimanga chikakonoledwa, kuviikidwa ndi kugayitsa kuti chikhale ufa woyera, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limachoka ngati madeya ndi zina zotayika, pamene mgaiwa umabweza pafupifupi thumba lonse. Mgaiwa umakhalitsanso m'mimba. Koma anthu ambiri akamalipira ndalama amafuna nsima yoyera, ndipo mgaiwa amauona ngati wa kunyumba pa nthawi yovuta. Ambiri a ife timaima pakati, timaphika gramilu, wokonola koma wosaviika. Ine sindingauze NyaMhango kuti asinthe ufa pa nthawi imodzi ndi ndiwo, chifukwa anthu akachepa sadzadziwa kuti chawathamangitsa ndi chiti.

Bambo Gondwe

Ku galaja kwathu tagawanika pa nkhani imeneyi. Achikulire amafuna mgaiwa, ena chifukwa anauzidwa kuchipatala, koma anyamata safuna n'kuuona komwe.

NyaMhango

Ufa ndiusiya mmene ulili, ndimaphika gramilu kale. Ndiyamba ndandanda watsopanowu Lolemba likudzali, ndipo ndilemba pa bolodi kutsogolo kuti anthu adziwe ndiwo ya tsiku lililonse. Akapitawo awiri amene amabwera ndi magulu awo ndilankhula nawo za nyama yoitanitsa. Pa mpunga ndikadali pakati, chifukwa alipo amayi atatu a m'mashopu amene amabwera tsiku lililonse ndipo sadya nsima masana. NyaBanda, kodi usipa wofutsa panopa ukupezeka, kapena ndidikire mwezi ulowe mu mdima?

NyaBanda

Dikirani kaye, amama, panopa mwezi ukuwala ndipo umene uli mumsika ndi wakale komanso wokwera. Wa Lolemba ndi Lachinayi mugule wongokwanira masiku awiriwo. Sabata yotsatirayo ndi pamene mungagule wa chigoba, ndipo mukafike kumsika m'mawa, matumba akangotsika, kuti musankhe wopanda mchenga.

Bambo Mwafulirwa

Amayi atatuwo ndi theka la kilogalamu basi. Kapoto kakang'ono kamakwana pa mbaula nyemba zikangochoka, ndiwo ya tsikulo isanalowe.